Mtengo wapakamwa: kunenerera kosapha mpamba wa mnzako

Loweruka lina m'mawa ndinaima pa benchi ya tomato mumsika wa Lizulu, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, ndikudikira kuti mayi wina amalize kugula. Makiyi a galimoto anali m'manja, mnyamata womunyamulira katundu ali pambuyo. Anafunsa mtengo wa mulu, anamuuza. Anatsitsa, wogulitsa anakana mwaulemu. Anatsitsanso, nanena kuti kutsidya akugulitsa motchipa. Potsiriza wogulitsa uja, mayi wachikulire amene anamanga chitenje chandalama m'chiuno, anangoti, "Tengani madamu, bola ndisabwerere nazo." Ankaika tomatoyo m'jumbo osayang'ana kumaso kwa kasitomala wake. Madamu atachoka, anabwezeretsa miulu pa thumba limene anayala, natembenukira kwa mnzake wa anyezi n'kunena chapansipansi kuti, "Apa ndangomusungira ndalama mwini dengu."

Mawu amenewo anandikhala mumtima, chifukwa inenso ndinakula ndikudziwa kuti wogula wochenjera ndi amene salipira mtengo woyamba. Zimenezo n'zoona pa katundu wina, koma pa wina n'kulakwa. M'misika ya m'tauni yakale, kuyambira msika waukulu wa ku Eriya 2 pafupi ndi depoti ya mabasi mpaka kwa Tsoka, mitengo ili pakamwa pa ogulitsa, palibe pamene yalembedwa. Koma mitengo yapakamwayo si yamtundu umodzi. Ina ili ndi mafuta amene wogulitsa waikapo dala kuti muchotse. Ina ndi fupa lokhalokha, ukadulapo wadula mpamba. Luso lonse la kunenerera mwachilungamo lagona pa kusiyanitsa ziwirizi, ndipo chimene ndachiona n'choti ambiri a ife timalimbira kwambiri pamene pali fupa, n'kumalipira mosafunsa pamene pali mafuta.

Tiyambe ndi mulu, poti ndiwo muyezo wa ndiwo za tsiku ndi tsiku. Tomato, anyezi, therere, usipa, mpiru womanga m'timitolo, zonsezi zimagulitsidwa pa mtengo wozungulira, woti ugwirizane ndi ndalama zamapepala zimene anthu ali nazo m'thumba: K500, K1,000, K2,000. Zinthu zikakwera kooda, wogulitsa sayamba n'kukweza mtengo wa mulu. Amachepetsa mulu. Wa tomato asanu umasanduka wa anayi, kamtolo ka mpiru kamaonda. Zikatsika, mulu umanenepa. Choncho pa benchi ya ndiwo mtengo suyenda kwenikweni. Chimayenda ndi kuchuluka kwa zimene mwalandira. Mukayenda mzere wonse mupeza kuti onse akutchula mtengo umodzi, chifukwa ambiri aoda malo amodzi m'bandakucha womwewo ndipo akuonana. Munthu sangakweze yekha pamene mnzake ali pa benchi yoyandikana.

Kuti zimveke bwino, tiyeni tiwerenge dengu limodzi la tomato. Manambala awa ndi achitsanzo chabe, poti mitengo ya tomato imasintha sabata ndi sabata, koma kagawidwe kake ndi kamene kali kofunika. Tinene kuti mayi waoda dengu pa K38,000. Kulinyamula kuchokera kooda kufika nalo pa benchi, kuphatikizapo ulendo wa mwiniwake, kwadya K4,000. Chiphaso cha khonsolo cha masiku awiri ndi majumbo zatenga K2,000. Asanagulitse tomato ndi mmodzi yemwe, K44,000 yatuluka kale. M'dengumo muli tomato 300. Akamakhuthula apeza kuti 20 a pansi aphwanyika ndi kulemera kwa anzawo, ngotaya. Ena 30 ndi ang'onoang'ono kapena apsa kwambiri moti pa mulu sangaoneke bwino. Amenewa amawaika pambali. Otsala 250 awaunjika asanuasanu, miulu 50, uliwonse K1,000. Zonse zikatha apeza K50,000. Phindu lake ndi K6,000 pa masiku awiri okhala padzuwa, kapena kuti K120 pa mulu uliwonse.

Tsono wogula akabwera n'kunena kuti, "Ndipatseni pa K800," kwa iye wangopempha kachepe, K200 yosakwana n'komwe kukwerera minibasi. Kwa mayi uja wachotsa phindu lonse la muluwo ndi K80 ya mpamba. Onse atati agule chomwecho, dengu lingabweretse K40,000, ndipo mawa lake ndalama yokaodera ingapereweredwe ndi K4,000. Azimayi ambiri a m'misika mpamba wawo ndi ngongole ya kubanki m'khonde, ena ngwakatapira, ndipo tsiku lobweza silidikira kuti malonda ayende. Ena amatenga dengu pangongole kwa mwini katundu kuti alipire madzulo. Ndi zimene ankatanthauza mayi wa ku Lizulu uja ponena kuti wangomusungira ndalama mwini dengu.

Nanga pamenepa wogula alibe ponenerera? Alipo, ndipo msika unakonza kale njira yake: basela, imene ena amati banyira kapena pulayizi. Tomato 30 aja oikidwa pambali ndiwo a ntchito imeneyi. Mukagula miulu itatu n'kunena kuti, "Amayi, muikeko ya pamwamba," mukupempha chinthu chimene wogulitsa anachiwerengera kale, ndipo amapereka ndi mtima woyera chifukwa tomato wakupsa kwambiriyo akagona mawa ngwotaya. Inu mwapindula tomato wothira m'ndiwo za lero, iye sanataye kanthu. Njira ina ndi kugula zambiri. Munthu wotenga miulu khumi nthawi imodzi wamuchepetsera wogulitsa maola odikira ndi chiopsezo choti katundu aole, motero kupempha kuti miulu khumi ndi umodzi ikhale pa mtengo wa khumi n'koyenera. Mukafuna theka la dengu, pamenepo mwalowa m'gulu la opikula, ndipo mtengo mukhoza kukambirana ndithu. Koma kutsitsa mulu umodzi pa mtengo umene mzere wonse ukutchula, kumeneko ndi kudyera mnzako masuku pamutu, ngakhale mutachita mukumwetulira.

Pali funso limene limavuta anthu a mtima wabwino: madzulo, pamene masamba afota ndipo wogulitsa akufuna kuweruka, kodi n'kulakwa kugula motchipa? Ine ndimati ayi. Mpiru wa madzulo si mpiru wa m'mawa, ndipo wogulitsa mwiniwake ndiye amayamba kuitanira kuti, "Zotsala izi tengani zonse." Anthu ambiri a ku Kawale, ku Biwi ndi kwa Chinsapo amadalira msika wa madzulo womwewo kuti ndiwo zikwane. Chimene ndimakana ndi munthu amene ndalama ali nazo, waona kuti mnzake wapanikizika ndi mdima ndi mvula imene ikubwera, n'kumukankhirabe pansi pa mtengo umene watsitsa kale. Wogulitsa akatsitsa yekha, landirani pomwepo.

Izi sizikutanthauza kuti ogulitsa onse ndi oyera. Pa katundu woyeza, chinyengo sichikhala pa mtengo koma pa muyezo, ndipo apa ndi pamene wogula ayenera kutsegula maso. Ndowa ya mbatatesi imaikidwa zikuluzikulu pamwamba, pansi pali timbatata ngati mazira a nkhunda. Ndowa ina inamenyedwa kunsi kuti tako lake litukukire m'kati. Chigoba cha malita asanu choyezera mtedza, nyemba ndi mpunga chimatha kukhala chodulidwa milomo. Mulu wa usipa umatha kukhala ndi wowala pamwamba, wofumbutuka pansi. Mpunga umene akuutcha Kilombero wa ku Karonga umatha kukhala wosakaniza ndi wina wopanda fungo. Mankhwala ake ndi osavuta ndipo sanyoza munthu: pemphani kuti akhuthulire ndowayo m'thumba lanu inu mukuona, musanapereke ndalama. Tapani mpunga wa pansi pa thumba, muufikise m'manja, mununkhize. Pa nyama, yang'anani kuti muvi wa sikelo uli pa ziro asanaikepo kanthu. Masikelo a malonda amayenera kuyesedwa ndi bungwe loona za miyezo la MBS, koma ndowa ndi chigoba alibe woziyesa kupatula diso lanu. Mukapeza kuti theka la ndowa ndi timbatata ting'onoting'ono, muli ndi chifukwa chenicheni chotsitsira mtengo, ndipo wogulitsa woona mtima savuta. Kunenerera kwabwino kumatchula chifukwa chooneka ndi maso. Kungoti "mwadulitsa" si chifukwa.

Mukawoloka mtsinje kupita kwa Tsoka, kumene kuli kaunjika, nsapato, zikwama ndi makatani, malamulo asintha. Kuno mtengo woyamba ndi moni chabe. Wogulitsa akudziwa kuti mutsitsa, inunso mukudziwa kuti wakweza, ndipo mukalipira osanenerera iye yemwe amadabwa. Chifukwa chake n'choti jekete lililonse lili palokha. Palibe benchi ina imene ili ndi jekete lomwelo kuti mufananize, monga mmene zilili ndi tomato. Ndiponso belo la kaunjika limagulidwa losatsegula, munthu osadziwa za m'kati. Tinene mwachitsanzo kuti belo la majekete 100 lagulidwa pa K400,000. Mutagawa mofanana, lililonse ndi K4,000. Koma akadula mawaya, mwina 20 okha ndiwo abwino kwenikweni, 50 ngapakatikati, 30 ngothimbirira, ong'ambika kapena akuluakulu opanda wowavala, amene adzathera pa mulu wa pansi woitanira mtengo umodzi. Majekete 20 aja ndiwo ayenera kusenza belo lonse. Choncho mnyamata akakutchulirani K25,000 pa jekete labwino, sikuti akufuna kudya K21,000. Ambiri a iwo sanatsegule n'komwe belo. Anapita m'mamawa kukasankha kwa wotsegula, nalipira mtengo wa nambala wani, n'kuchapa ndi kusita.

Umu ndi mmene ndinagulira jekete lotere nyengo yozizira ina, ndipo manambala ndawasintha kuti agwirizane ndi chitsanzo chathu. Ndisanaime pa amene ndinkafuna, ndinafunsa majekete ofananako pa mabenchi ena awiri, ndipo ndinamva kuti akuyambira pakati pa K20,000 ndi K25,000. Ndinamvanso munthu wina akumaliza kugula lake pa K15,000. Khutu pamsika limathandiza kuposa pakamwa. Mumtima ndinaika malire anga pa K17,000.

"Achimwene, ili mukupanga bwanji?"

"Limenelo bwana ndi lolemera, gwirani mumve. K25,000."

Ndinalitembenuza, ndinakoka zipi kawiri, ndinapisa m'matumba, ndinayang'ana m'khwapa ndi pakolala. Thumba limodzi la m'kati linali losoka ndi ulusi wina.

"Ndi labwino ndithu, koma taonani apa linasokedwapo. Ine ndili ndi K13,000."

"Aaa bwana, imeneyo sinafike n'komwe pamene ndatengera. Onjezerani. Ndikupangirani K21,000."

"Ndifike pa K15,000."

"K18,000, yomaliza. Pamenepo ndangopezapo ya sopo."

"Tikumane panjira achimwene. K17,000 nayi, ndilibe ina yobisa."

Anayang'ana jekete, nayang'ana ndalama, n'kuyamba kulipinda. "Mudzabwerenso bwana, Lachisanu ndikutsegula belo lina."

Mmene anatsikira ndi mmene munali uthenga. Kuchoka pa K25,000 kufika pa K21,000 analumpha K4,000, kenako K3,000, kenako K1,000 yokha, ndipo imeneyo anaitulutsa mochedwa. Masitepe akamachepa chomwecho, dziwani kuti mafuta atha, mwayandikira fupa. Chizindikiro china n'chodziwika: mukatsanzika n'kuyamba kuchoka, wogulitsa amene akadali ndi malo otsitsira amakuitanani musanapite patali. Akakusiyani kuti muzipita, ndiye kuti mtengo wanu unalidi pansi. Kuchoka n'kololedwa, bola kukhale koona, mutatsanzika bwino. Ndipo mukazindikira kuti munalakwa ndinu, palibe manyazi kubwerera n'kunena kuti, "Ndazungulira, mtengo wanu uja unali wabwino."

Anthu ena amaphunzitsana kuti nthawi zonse uziyamba ndi theka la mtengo umene wauzidwa. Lamulo lotere ndi lakhungu. Pa jekete lija theka linali pafupi ndi poyambira pabwino, koma pa thumba la mpunga theka ndi chipongwe, chifukwa mpunga uli ndi mtengo wodziwika tauni yonse ndipo phindu lake ndi lochepa. Pa ziboliboli za panja pa positi ofesi ya m'tauni, m'mbali mwa msewu wa Kamuzu Procession, mtengo woyamba wouzidwa mlendo umatha kukhala wokwera moti ngakhale theka lake likadali pamwamba. Chimene chimatsogolera ndi mtundu wa katundu. Katundu wofanana paliponse, woyenda msanga, wowola, mafuta ake ndi ochepa. Katundu wosafanana ndi wina, wokhala masabata osagulidwa, mafuta ake ndi ambiri, chifukwa wogula mmodzi amalipirira masiku amene wogulitsa anaweruka chimanjamanja.

Pa ziboliboli ndiimepo pang'ono. Wosema amathera masiku pa mpando umodzi wa amfumu kapena pa bawo, kusema, kupala ndi sandipepa, kupukuta. Nthawi zambiri amene akugulitsa si amene anasema. Anaoda, ndipo wosemayo analandira kachepe. Wogula ali ndi ufulu wofunsa mtengo wake wa chinthucho, ndikutanthauza mtengo wa m'nkhalango. Si chakuda chilichonse chimene chili phingo; zina ndi mitengo wamba yopaka polishi wa nsapato. Phingo ndi wolemera kwambiri m'manja, ndipo kuda kwake n'kwa m'kati, sikuchoka ukapukuta ndi nsalu kunsi kwake. Ukadziwa zimenezi umanenerera pa chinthu chenicheni. Koma ukapeza ntchito yabwino, yosalala, yosemedwa ndi dzanja lodziwa, kuikankhira pa mtengo wa nkhuni n'kupha luso.

Tsopano nkhani imene imawawa anthu ambiri a ku Eriya 10, 12, 43, 47 ndi ogwira ntchito m'maofesi a ku City Centre: mtengo woona nkhope. Ukatsika m'galimoto, ukavala tayi, ukalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, kapena ukakhala mzungu, mtengo umakwera usanatsegule pakamwa. Lilongwe anamangidwa motalikitsa anthu chiyambire pamene anakhala likulu mu 1975: nyumba za mipanda kwina, misika ikuluikulu kwina, ndipo wogulitsa amadziwa msanga amene wachokera kumipanda. N'chifukwa chake mabanja ambiri amatuma wantchito kumsika. Kodi wogulitsa akulakwa? Maganizo anga ndi awa. Kuyesa mwayi pa mtengo woyamba wa katundu wonenerera si kuba, poti khomo lotsitsira ndi lotsegula. Koma kutchula K2,000 pa mulu umene aliyense akugula K1,000, chifukwa choti munthuyo sakudziwa, kumeneko n'kunamiza, ndipo wogula sayenera kuvomera poopa kuoneka woumira. Yankho lake si kukalipa. Mumangoti, "Amayi, ndipatseni mtengo umene mwamupatsa mnzanga wachoka apayu." Nthawi zambiri amaseka n'kukupatsani. Mukafuna kuonjezapo mwa kufuna kwanu, onjezani mutadziwa mtengo weniweni, kuti ikhale mphatso yochokera kwa inu.

Mbali inayo ya nkhani yomweyi ndi ya amene amabweretsa malonda pageti. Mayi wa nthochi ndi mapapaya amene wasenza beseni kuchokera kutali, bambo wa mazira kapena nsomba pa njinga, mnyamata wa matsache ndi mamopu amene akuzungulira misewu yayitali ya ku Eriya 43 dzuwa lili paliwombo. Amenewa akatchula mtengo woposa wa kumsika, kusiyanako ndi malipiro a miyendo yawo. Inu mwapulumutsa mafuta a galimoto, nthawi, ndi ya mnyamata wolondera galimoto kumsika. Kuwauza kuti "ku Lizulu n'zotchipa" n'zoona, koma ku Lizulu simunapiteko. Ndimaona anthu amene musitolo yaikulu amanyamula paketi ya maapulo pa mtengo wolembedwa osatsutsa, koma pageti pawo amalimbana ndi mayi wa nthochi mpaka atsitse K300. Musitolo mtengo ndi wolembedwa, ndipo bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limakumbutsa eni masitolo kawirikawiri kuti aziika mitengo poonekera. Pepala limenelo limateteza wogula, komanso limateteza sitolo kwa wogula. Mayi wa beseni alibe pepala lomuteteza.

Chinanso chimene chimayambanitsa anthu ndi mtengo wa dzulo. "Sabata yatha ndinagula pa chakuti, lero bwanji?" Funso ndi labwino, koma yankho lake nthawi zambiri limakhala loona. Tomato amadula m'miyezi ya mvula, pamene amaola m'munda ndipo misewu ya kumidzi yaterera, n'kutchipa m'chilimwe madimba akabereka. Usipa amauwedza usiku ndi nyali, choncho mwezi ukawala kwambiri umagwidwa wochepa. Mphepo ya mwera ikaomba m'miyezi yozizira asodzi salowa bwino m'nyanja, ndipo mulu wa ku Lilongwe umachepa masiku ochepa otsatira. Mafuta a galimoto akasowa, chilichonse chochokera ku Ntcheu, ku Dedza, ku Jenda kapena ku Salima chimakwera. Ndipo pali nkhani ya kwacha. Inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika a mu Lilongwe anayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula za kukwera kwa mitengo ya mabelo. Nthawi zotere wogulitsa sawerengera mtengo umene anaodera katundu ali pa benchiyo. Amawerengera umene akaodere mawa. Wogula amaona ngati umbombo: "Katundu wakaleyu mwakwezeranji?" Koma akagulitsa pa mtengo wakale, ndalama imene apeze sikwanira belo lotsatira, ndipo bizinesi imafa ili chigulitsire. Inde alipo okweza mopyola, obisala kumbuyo kwa kugwa kwa kwacha. Muwadziwa poyenda mabenchi atatu kapena anayi: onse akakwera mofanana, chifukwa chili kooda, akakwera mmodzi, chili mumtima mwake.

Wogula nayenso ali ndi mabodza ake, ndipo timawachepetsa. Lofala ndi lija la "uko akugulitsa pa chakuti" pamene sunafunse n'komwe. Ogulitsa amadziwana mitengo, ndiye bodzalo amalizindikira, ndipo chimene mwataya ndi ulemu. Lina ndi kunyoza katundu amene ukumufuna, kuloza zilema zimene palibe. Loipitsitsa ndi kutchula mtengo wako, wogulitsa n'kuvomera, iwe n'kunena kuti, "Ndibweranso." Mtengo ukautchula ndiwe, ndi lonjezo. Ngati simunatsimikize kugula, funsani mtengo, thokozani, pitani, musayambe kutsitsa. Izi zimawawa kwambiri m'mawa, poti ogulitsa ambiri amamuwerengera kasitomala woyamba kuti ndiye wotsegula tsiku, ndipo amatha kumutsitsira kuposa ena kuti malonda ayambe. Kumutsitsitsa munthu chomwecho n'kumusiya ndi katundu m'manja ndi nkhanza. Palinso kubinya mapeyala ndi tomato mpaka zala kulowa, kenako n'kusankha ena. Amene mwabinyawo mwawasandutsa a pulayizi.

Ngakhale polipira pali chilungamo chake. Munthu amene walumbira kuti ali ndi K700 yokha, n'kutulutsa mpukutu wa ma K5,000 kuti amupatse chenje, wadziulula yekha, ndipo wamuyendetsa wogulitsa mabenchi anayi kusaka zosintha pamene makasitomala ena akudutsa. Sinthiranitu ndalama zing'onozing'ono musanalowe mumsika. Mukalipira pa foni, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, kumbukirani kuti kutapa ndalamayo kwa ejenti kuli ndi mtengo wake. Wogulitsa akapempha ya kutapira pa malonda amene mwamutsitsa kale, sakukuberani. Gwirizananitu zimenezi musanatumize. Chimodzimodzi mnyamata wonyamula katundu ndi wa kabaza: mtengo ukambidwe katundu asanakwere pamutu kapena pa njinga, chifukwa kunenerera ntchito itagwiridwa kale kumasiya mphamvu zonse kwa amene ali ndi ndalama.

Pali chinthu chimodzi chimene ndachipeza kuti chimatsitsa mtengo kuposa luso lililonse la pakamwa, ndicho kukhala kasitomala wa munthu. Moni woyamba, "Mwadzuka bwanji amayi, malonda akuyenda?", si mwambo wongotayira nthawi. Munthu amene wangofika n'kuloza ndi chala kuti "izi zingati" wadzionetsa kuti ngwodutsa, ndipo wodutsa amapatsidwa mtengo wa wodutsa. Ine ndili ndi mayi wanga wa nyemba mumsika waukulu amene ndakhala ndikugula kwa iye zaka zingapo. Sindinenerera naye. Amandiuza yekha kuti, "Lero musatenge izi, ndi za chaka chatha, zivuta kupsa, tengani izi zafika dzana." Chigoba amachidzaza mpaka kusefukira, n'kutapa dzanja lina kuthira pamwamba. Mwezi wina ndalama zitandithera anandipatsa kuti ndidzalipire pakutha pa mwezi. Nyemba zikakwera amandiuza chifukwa chake, ndipo ndimamukhulupirira, poti zikatsika amandiuzanso ndisanafunse. Mwina pa chigoba chimodzi ndikanapeza motchipako ndi K200 nditazungulira msika wonse, koma sindinatayepo mphika wa nyemba zofumbwa chiyambire kugula kwa iye.

Tsiku lija ku Lizulu, nthawi yanga itakwana, ndinapempha miulu itatu ndipo ndinapereka K3,000 ya mtengo umene anatchula. Mayi uja anaika tomato m'jumbo, kenako anapisa dzanja pansi pa benchi, m'kabeseni kophimba ndi chiguduli, natulutsa awiri ofiira kwambiri, mmodzi wong'aluka pang'ono pamutu.

"Awa mukathire lero lomwe bambo, asagone."